Mmene mungalembere chidziwitso cha mayeso choti aliyense amve chimodzimodzi

Aphunzitsi anzanga komanso inu a mu ofesi amene mumapatsidwa ntchito yolemba chidziwitso cha mayeso, milandu yambiri ya nthawi ya mayeso imachokera pa pepala lomwe tidamata pa bolodi masabata angapo m'mbuyomo, ana amangodzapezeka nayo. Ine ndidazionera pa sukulu ina yomwe ndinkaphunzitsa, chidziwitso chathu chidati "ochedwa kwambiri sadzaloledwa kulowa," nde tsiku la Masamu woyang'anira wa chipinda china adabweza mtsikana amene adachedwa ndi mphindi 15, pomwe chipinda choyandikana nacho mnyamata adalowa atachedwa ndi mphindi 25. Onse awiri oyang'anirawo ankatsatira lamulo lomwelo. Bambo ake a mtsikana uja atabwera kudzafunsa kuti "kodi kwambiri wanuyu amayambira pa mphindi zingati?" tonse tidangoti chete, ndipo mwanayo ankalira panja. Kuyambira pamenepo lamulo lililonse lomwe ndalemba ndimalifunsa zinthu zitatu, likukhudza ndani, malire ake ndi pati penipeni, nanga wolidumpha chimuchitikire n'chiyani.

## Zoti mukhale nazo musanayambe kulemba

- Taimutebulo yomaliza, yomwe akuluakulu avomereza kale, osati ija yoyeserera
- Kalendala ya chaka chomwecho
- Mndandanda wa ophunzira ndi maphunziro amene aliyense akulemba
- Mndandanda wa zipinda ndi chiwerengero cha mipando m'chipinda chilichonse
- Malamulo a mayeso a sukulu yanu, kapena a bungwe lomwe lakonza mayesowo ngati ndi ochokera kunja kwa sukulu
- Tsamba loyamba la pepala lililonse, kapena mawu a mphunzitsi wa phunzirolo onena kutalika kwa pepala ndi zipangizo zofunika
- Anthu awiri oti adzawerenge musanamate, wophunzira mmodzi ndi woyang'anira mayeso mmodzi

Manambala onse amene ndaika m'zitsanzo pansipa, ngati mphindi 30 kapena 15, ndi ongoonetsera kalembedwe. Ngati malamulo a bungwe lanu akunena zina, lembani zawozo, musapeke zanu.

## Gawo 1: Gwirizanani kaye, kulemba kubwere pambuyo

Mawu osamveka nthawi zambiri amabwera chifukwa wolembayo naye sakudziwa yankho, nde amabisala mu mawu ngati "kwambiri" kapena "chilango chokhwima." Musanatsegule kompyuta khalani pansi ndi ahedi kapena amene akutsogolera mayeso muyankhe mafunso awa, zitseko zitsegulidwa nthawi yanji, wochedwa alowa mpaka nthawi yanji, foni zisiyidwa kuti ndipo asunga ndani, wopezeka ndi likasa apitiriza kulemba kapena atuluka, ndipo ogamula mlandu ndi ndani. Mukapanda kugwirizana apa ndiye kuti woyang'anira aliyense adzagamula yekha tsikulo ana 60 akumuyang'ana.

Chenjezo: musalembe chilango chomwe sichili m'malamulo anu pofuna kungoopseza. Tsiku lomwe mwana adzalakwe inu n'kulephera kuchita zomwe mudalemba, chidziwitso chonsecho chatha mphamvu.

## Gawo 2: Mutu unene za ndani, ndipo pakhale tsiku

Pamwamba penipeni lembani dzina la mayeso, kalasi kapena chaka chomwe chikukhudzidwa, tsiku lomwe chidziwitso chatuluka, ndi udindo wa amene wachitulutsa. Onjezani mawu oti "Kope 1." Zikuoneka zazing'ono koma zidzakupulumutsani mu Gawo 8.

## Gawo 3: Taimutebulo, mzere umodzi pepala limodzi

Mzere uliwonse ukhale ndi dzina la tsiku, deti, mwezi m'mawu, chaka, phunziro ndi nambala ya pepala, nthawi yoyamba, nthawi yomaliza, komanso chipinda. Mwachitsanzo:

Lolemba, 8 Juni 2026. Masamu Pepala 1. Kuyamba 08:00, kutha 10:00. Chipinda 3 (mipando 001 mpaka 045), Chipinda 4 (mipando 046 mpaka 090).

Lolemba, 8 Juni 2026. Jogalafe Pepala 1. Kuyamba 13:30, kutha 15:00. Holo.

Mwezi lembani m'mawu chifukwa 08/06 ena amawerenga 8 Juni pomwe ena, makamaka ozolowera mafoni ndi makompyuta amene amayamba ndi mwezi, amawerenga 6 Ogasiti. Dzina la tsiku ndi deti zizikhala limodzi kuti zizitetezana, koma apa ndi pomwe ambiri timagwa, timatenga fayilo ya chaka chatha n'kusintha madeti okha, mayina a masiku n'kutsala akale. Mwana akaona "Lachiwiri, 8 Juni" pomwe 8 Juni ndi Lolemba, asankha chimodzi, ndipo akasankha cholakwika mlandu ndi wanu. Tengani kalendala mudutse mzere ndi mzere ndi chala.

Musalembe "mawa," "mkuja" kapena "sabata ya mawa," popeza simukudziwa kuti munthu awerenga liti. Komanso m'chinenero chathu muli msampha wakewake, "mawa" ndi "m'mawa" zimasiyana pang'ono zedi pa pepala, munthu wowerenga mothamanga kapena wolemba pa foni akadumpha chilembo chimodzi basi, mayeso a m'mawa asanduka a mawa. "Masana" ndi "madzulo" nawo alibe malire, 2 koloko kwa ena ndi masana kwa ena ndi madzulo. Ine ndimakonda nthawi ya maola 24, 13:30, ndipo ndimaika mzere umodzi pamwamba wonena kuti 13:30 ndi hafu pasiti wani masana, kuti wosazolowera asasokonezeke. Chachikulu musasakanize mitundu iwiri m'chidziwitso chimodzi.

Werengetsaninso kuti nthawi yoyamba ndi yomaliza zikugwirizana ndi kutalika komwe kwalembedwa pa pepala lenilenilo. Pepala la maola 2 ndi mphindi 30 loyamba 08:00 limatha 10:30, osati 10:00. Ngati pali mphindi zowerengera mafunso musanayambe kulemba, nenani ngati zili mkati mwa nthawiyo kapena ndi zapadera.

Pomaliza fufuzani kuwombana. Tengani mndandanda wa maphunziro a ana muone ngati pali amene ali ndi mapepala awiri nthawi imodzi, zimachitika kwambiri pa maphunziro osankha. Ngakhale mwafufuza, lembani pansi pa taimutebulo kuti "Amene ali ndi mapepala awiri pa nthawi imodzi akauze ofesi ya mayeso pasanafike 12:00 masana Lachisanu, 29 Meyi 2026."

## Gawo 4: Nthawi zitatu zosiyana, musaziphatikize

Mawu oti "mayeso ndi 8 koloko" samanena ngati 8 koloko ndi yofikira pa sukulu, yokhalira pa mpando, kapena yotsegulira pepala. Zilekanitseni:

"Fikani pa khomo la chipinda chanu 07:30. Pofika 07:45 aliyense akhale ali pa mpando wake. Kulemba kuyamba 08:00. Nthawi yomwe tidzatsatire ndi ya pa wotchi ya pakhoma m'chipinda cha mayeso."

Chiganizo chomalizacho musachisiye, chimathetsa mkangano wa "koma wotchi yanga ikuti." Ndipo popeza mwalemba choncho, onetsetsani kuti mawotchi a m'zipinda zonse akugwirizana tsikulo m'mawa.

## Gawo 5: Lamulo la kuchedwa

Apa ndi pomwe ndikufuna tikhalepo nthawi, chifukwa ndi pomwe misozi imatuluka. Tiyeni titenge chiganizo chathu chija tichikonze pang'onopang'ono.

Choyamba chinali "Ochedwa kwambiri sadzaloledwa kulowa." Palibe nambala. Wina adakonza n'kuti "Ochedwa ndi mphindi 30 sadzalowa." Zayamba kukhala bwino koma mphindi 30 kuwerengera pati, pa 07:30 yofikira ija kapena pa 08:00? Nanga wofika ndendende mphindi ya 30 alowa kapena ayi? Nanga amene walowa mochedwa awonjezeredwa nthawi? Mafunso atatuwa mwana aliyense wanzeru adzawafunsa, ndiye kuli bwino pepala liwayankhe lokha:

"Wophunzira amene wachedwa adzaloledwa kulowa ngati wafika pa khomo la chipinda pasanathe mphindi 30 chiyambireni kulemba. Pa pepala loyamba 08:00, chitseko chidzatsekedwa wotchi ikangokwana 08:30, ndipo palibenso wolowa. Pa pepala loyamba 13:30, chidzatsekedwa 14:00. Wolowa mochedwa sadzawonjezeredwa nthawi, adzasiya kulemba limodzi ndi anzake."

Mwaona kuti ndalemba lamulo kenako n'kuwerengetseratu nthawi yake pa wotchi. Mwana amene akuthamanga thukuta lili kamukamu asamachitenso masamu pa khomo. Onaninso mawu oti "pa khomo la chipinda," osati pa geti ya sukulu, chifukwa kuchoka pa geti kufika ku holo pakhoza kudutsa mphindi zisanu.

Lamuloli lili ndi mnzake amene ambiri amaiwala, lotulukira. Ngati ochedwa akulowa mpaka 08:30, palibe amene ayenera kutuluka 08:30 isanakwane, apo ayi wotuluka msanga akakumana ndi wochedwa panja n'kumuuza mafunso. Choncho nthawi yoyamba kutuluka izikhala yofanana kapena yopitirira nthawi yotsekera chitseko. Lembani chonchi, "Palibe wotuluka m'mphindi 30 zoyamba kapena m'mphindi 15 zomaliza. Wofuna kupita kuchimbudzi akweze dzanja ndipo adzaperekezedwa. Wotuluka osaperekezedwa sadzalowanso."

Ndipo chonde musamusiye m'malere mwana amene watsekeredwa panja. Muuzeni kopita, "Amene wafika chitseko chitatsekedwa apite ku ofesi ya mayeso nthawi yomweyo akalembetse dzina, nthawi yomwe wafika ndi chifukwa chake. Wodwala abweretse kalata ya kuchipatala pasanathe masiku 3." Ena amachedwa pa zifukwa zenizeni, matenda, ngozi ya panjira, ndipo chidziwitso chabwino chimawasonyeza khomo loti agogode. Koma musalonjeze kuti adzalemba tsiku lina ngati malamulo anu sakunena choncho, nenani kuti nkhani yake idzaunikidwa ndi ndani.

## Gawo 6: Zipangizo, magulu atatu

Gawani patatu, zoyenera kubweretsa, zololedwa ngati munthu akufuna, ndi zoletsedwa. Mukasakaniza m'ndime imodzi ana amangoona mawu oyamba.

Zoyenera kubweretsa tchulani mwatchutchutchu, chitupa cha sukulu chokhala ndi chithunzi, mabolopeni awiri akuda kapena a buluu, pensulo ya HB, labala, rula ya masentimita 30. Mawu oti "zolembera zoyenera" sathandiza, wina abwera ndi bolopeni yofiira. Nenaninso zomwe zichitike kwa woiwala chitupa, abwezedwa kapena akatenga kapepala komuzindikiritsa ku ofesi.

Kalikyuleta imafuna chiganizo chakechake chifukwa imasintha pepala ndi pepala. "Kalikyuleta ndi yololedwa pa Masamu Pepala 2 ndi Fizikisi basi. Ikhale yosasunga mawu kapena mafomyula, ndipo chivindikiro chake chisiyidwe panja. Kalikyuleta ya pa foni kapena pa wotchi si yololedwa. Kubwerekana zipangizo mayeso ali mkati n'koletsedwa." Chivindikiro timachitchula chifukwa mkati mwake ndi momwe timapepala timabisidwa, ndipo zina zimabwera ndi kakhadi ka mafomyula kuchokera kogula. Botolo la madzi ngati mukulola nenani kuti likhale loonekera mkati, lopanda pepala lomatidwa.

Tsopano foni. Kusiyana kwa mawu awiri okha apa kumagamula mlandu wonse. Mukalemba kuti "kugwiritsa ntchito foni n'koletsedwa," mwana wopezeka nayo m'thumba adzati "sindimaigwiritsa ntchito, inali yozimitsa," ndipo malinga ndi zomwe mwalemba akunena zoona. Ngati mukufuna isalowe n'komwe, letsani kukhala nayo, "Kupezeka ndi foni, wotchi yolumikizana ndi foni, kapena mahedifoni m'thumba, m'zovala kapena pa desiki ndi mlandu, kaya chipangizocho chayatsidwa kaya chazimitsidwa, kaya mwachigwiritsa ntchito kaya ayi. Zimitsani foni ndi alamu yake, iikeni m'chikwama, chikwamacho chisiyeni pa tebulo la kutsogolo musanakhale pansi."

Mndandanda wa zoletsedwa sungathe kutchula chilichonse, nde ambiri amamaliza ndi "ndi zina zotero." Mawu amenewo chotsani, palibe amene amadziwa zina zoterozo. M'malo mwake tsekani kuchokera mbali inayo, "Chinthu chilichonse chomwe sichili pa mndandanda wa zoyenera kapena zololedwa chisapezeke m'thumba, m'zovala kapena pa desiki." Amene ali ndi zosowa zapadera, ngati mankhwala, chothandizira kumva kapena mapepala a zilembo zazikulu, auzidwe tsiku lomaliza lodziwitsira ofesi kuti apatsidwe chilolezo cholembedwa.

## Gawo 7: Kubera mayeso, tchulani zochita zenizeni

"Khalidwe loipa silidzaloledwa" ndi ulaliki chabe. Tchulani zomwe woyang'anira angaone ndi maso, kulowa ndi likasa kaya pa pepala kaya lolembedwa m'manja, pa ntchafu kapena pa rula, kuonera kapena kuonetsa mnzako pepala lako, kulankhula kapena kupatsana zizindikiro, kulembera munthu wina, kutsegula pepala musanauzidwe, kupitiriza kulemba atanena kuti siyani, kutuluka ndi pepala la mayankho. Nenani poyambira ndi pothera malamulowa, mwachitsanzo kuyambira pomwe mwalowa m'chipinda mpaka mapepala onse atoleredwa ndipo mwatuluka, chifukwa ana ambiri amaganiza kuti akangoti "siyani kulemba" ndiye macheza ayamba.

Kenako lembani ndondomeko yake motsatana. Kalembedwe komwe ndimakaona kachilungamo, ngati malamulo anu akulola, ndi aka:

"Woyang'anira adzalanda chinthucho, adzalemba nthawi pa pepala lanu la mayankho, ndipo mudzapitiriza kulemba. Mayeso akatha inu ndi woyang'anira mudzalemba malipoti. Komiti ya mayeso idzakuitanani kuti mufotokoze mbali yanu pasanathe masiku 5 a sukulu. Mukapezeka olakwa, mudzapatsidwa 0 pa pepala limenelo. Wolembera mnzake ndi wolemberedwa, onse awiri zotsatira zawo zonse zidzathetsedwa. Mukhoza kuchita apilo kwa mkulu wa sukulu polemba kalata pasanathe masiku 7 chilandirireni chigamulo."

Kulola mwana kupitiriza kuli ndi chifukwa chake, akadzapezeka wosalakwa pepala lake lilipo loti lichongedwe, pomwe mukamutulutsa ndiye mwamulanga kale mlandu usanamvedwe. Woyang'anira ntchito yake ndi kuona ndi kulemba lipoti, kugamula ndi kwa komiti, ndipo chidziwitso chinene zimenezi poyera.

Samalani ndi mawu oti "angathe" kapena "akhoza." Mukati "wolakwa angathe kuchotsedwa," mwana amamva kuti mwina ayi. Ngati chilango n'chokhazikika lembani "adzachotsedwa." Ngati komiti imasankha malinga ndi kukula kwa mlandu, tchulani chilango chochepetsetsa ndi chachikulu kwambiri, anthu adziwe mpata wake. Pa zokakamiza gwiritsani "ayenera" ndi "saloledwa," osati "tikupempha" kapena "ndi bwino."

## Gawo 8: Yesani pa munthu, matani, ndipo konzekerani kusintha

Patsani wophunzira uja chidziwitsocho, musamufotokozere kanthu ndipo musamufunse kuti "wamva?" chifukwa adzangoti eya. Mufunseni nkhani, wafika 08:29 pa khomo, ulowa? Foni yozimitsa ili m'thumba la thalauza, pali mlandu? Jogalafe ukulembera chipinda chiti? Waiwala chitupa, upita kuti? Mufunsenso woyang'anira mafunso omwewo payekha. Pomwe mayankho awo asiyana, kapena pomwe wina wayamba ndi "zikutengera," chiganizo chimenecho chilembeninso.

Tulutsani chidziwitso nthawi ikadalipo, ine ndimayesetsa masabata awiri kapena atatu mayeso asanayambe. Kope la pa bolodi ndi lotumiza pa mafoni likhale limodzimodzi, tumizani ngati PDF osati kulembanso pamanja mu gulu la WhatsApp, pokopera m'pamene manambala amasintha. Ngati mukutulutsa m'zinenero ziwiri, yerekezani manambala onse mbali ndi mbali, ndipo nenani kope lotsatiridwa pakakhala kusiyana.

Chinachake chikasintha musakonze ndi bolopeni pa pepala lomata kale, chifukwa mwana aliyense akhoza kuchita chimodzimodzi. Tulutsani "Kope 2" lokhala ndi deti yatsopano, pamwamba lembani chomwe chasintha chokha, "Jogalafe Pepala 1 lachoka Lolemba 8 Juni 13:30, lapita Lachitatu 10 Juni 13:30. Zina zonse sizinasinthe. Kope 1 lisagwiritsidwenso ntchito." Matulani makope akale onse. Ndipo ngati n'kotheka pepala lizisunthira kutsogolo osati kulibweza kufupi, chifukwa amene uthenga sunamufike akabwera tsiku lakale angopeza kuti mayeso sanachitike, pomwe mukalibweza kufupi adzapeza anzake atalemba kale.

## Zolakwika zomwe zimabwerabwera

Chofala kwambiri ndi kutchula chinthu chimodzi ndi mayina awiri, pamwamba "holo" pansi "chipinda chachikulu," kapena "chitupa" kenako "khadi," ana amaganiza kuti ndi zinthu ziwiri. Sankhani dzina limodzi mulimamatire mpaka kumapeto ngakhale zikumveka zobwerezabwereza.

China ndi kubisa lamulo lofunika pakati pa ndime yaitali ya malonje ndi mafuno abwino. Malamulo apatseni manambala, lamulo limodzi nambala imodzi, kuti woyang'anira polemba lipoti azingoti "lamulo 7." Kulemba chilichonse m'zilembo zazikulu nakonso sikuthandiza, zonse zikamakuwa diso silidziwa poima, ndiye sungani zilembo zakuda kwambiri pa nthawi yotsekera chitseko ndi lamulo la foni.

Ndaonanso zidziwitso zonena kuti "wokhala ndi funso afunse akuluakulu," osatchula ofesi yake kapena maola omwe imakhala yotsegula. Komanso ena amalemba malamulo abwinobwino koma oyang'anira sanawaone, nde m'chipinda amalengeza zawo za pamutu. Aliyense woyang'anira apatsidwe kope lomwelo lomwe ana ali nalo, ndipo mawu omwe amawerenga mokweza mayeso asanayambe atengedwe m'chidziwitsomo liwu ndi liwu, kuphatikizapo mwayi womaliza woti amene waiwala foni m'thumba aipereke pepala lisanatsegulidwe.